CV yofunsira ntchito m'boma: mzere uliwonse ukhale ndi pepala lake

Chilengezo cha ntchito ya m'boma chikatuluka, makalata amafika ambirimbiri pa malo ochepa chabe. Amene apatsidwa ntchito yosankha oti aitanidwe ku intavyu sayamba ndi kufunsa kuti wanzeru ndani kapena wolimbikira ndani. Amaika chilengezo pambali, n'kumayang'ana kalata iliyonse ngati yakwaniritsa zimene zalembedwamo: satifiketi yofunikayo ilipo? Zaka zakwana? Mapepala aumboni amangiriridwa? Kalata imene yaperewera pa chimodzi imaikidwa padera, ngakhale mwini wake atakhala katswiri. Gawo loyambali lili ngati sefa wa ufa: safunsa kuti chimanga chinalimidwa movutikira bwanji, amangolola chimene chakwana pa mabowo ake.

N'chifukwa chake CV imene inakupezetsani ntchito ku kampani kapena ku bungwe lomwe si la boma ikhoza kukugwetsani kuno. Kumeneko bwana atha kukopeka ndi luso lanu n'kunyalanyaza pepala limene mulibe. M'boma la Malawi olemba ntchito ndi makomishoni okhazikitsidwa ndi malamulo: Civil Service Commission, Teaching Service Commission ya aphunzitsi, Health Service Commission ya azaumoyo, Local Government Service Commission ya ogwira ntchito m'makhonsolo, ndi ena. Iwowa ayenera kutha kufotokoza, munthu akadandaula kwa Ombudsman kapena kukhoti, chifukwa chimene anaitanira uyu n'kusiya uyo. Chimene angaloze ndi pepala basi.

Choyamba kuchimvetsa ndi giredi. Maudindo a m'boma anasanjidwa ndi zilembo, kuyambira A pamwamba penipeni kutsika mpaka kumunsi kumene kuli amesenjala ndi alonda. Chilembo chikamayandikira A, udindo ukukula. Makomo olowera odziwika bwino ndi atatu: wa MSCE amalowera pa giredi M, monga kalaliki; wa dipuloma amalowera pa K; wa digiri yoyamba amalowera pa I, imene akuluakulu akale amaitchabe PO. Maudindo a pamwamba pa I, monga H, G ndi F, nthawi zambiri amalengezedwa kwa amene ali kale m'boma, ndipo chilengezo chimatchula giredi imene munthu ayenera kukhalapo ndi zaka zimene wakhalapo, kawirikawiri zaka 4.

Pa zaka zimenezi m'pamene anthu ambiri amapunthwa, ndiye tiyeni tione chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina analowa m'boma pa giredi K pa 3 Marichi 2014 ali ndi dipuloma. Anaphunzira uku akugwira ntchito, n'kulandira digiri mu 2019. Kwa miyezi isanu ndi itatu mu 2021 anagwirizira udindo wa giredi I bwana wake atapuma pa ntchito, kenaka anakwezedwadi pa giredi I kuyambira pa 1 Okutobala 2021. Tsopano patuluka chilengezo cha giredi H chofuna digiri ndi zaka 4 pa giredi I, chotseka pa 30 Juni 2025.

Mayiyu mumtima mwake akuona kuti wakwana kalekale. Wagwira ntchito m'boma zaka 11, digiri wakhala nayo zaka 6, ndipo ntchito ya giredi I anaiyamba asanakwezedwe n'komwe. Koma wosankha awerenga kuyambira tsiku limene lili pa kalata yomukweza. Kuchoka pa 1 Okutobala 2021 kufika pa 30 Juni 2025 ndi zaka 3 ndi miyezi 9. Kwatsala miyezi itatu. Zaka za pa giredi K sizilowa m'chiwerengerochi, chifukwa chilengezo chatchula giredi I. Miyezi yogwirizira udindo asaidalire, pokhapokha chilengezo chitanena poyera kuti ikuwerengedwa. Zimawawa, ndipo ine ndimaona kuti lamulo lowerenga masiku chotere nthawi zina limataya anthu aluso. Komabe ndi lamulo lomweli limene limatsekereza mwana wa bwana kudumpha anzake amene akhala pa mzere zaka zambiri.

Nanga mayiyu akanakhala kuti anakwezedwa pa 1 Epulo 2021? Apo zaka 4 zakwana, ndi miyezi itatu pamwamba. Koma atha kugwabe chifukwa cha kalembedwe. Anthu ambiri amalemba mzere umodzi wokha: dzina la unduna, kenaka "2014 mpaka lero". Wowerenga sangadziwe kuti pa zaka zonsezo ndi zingati zinali za K ndipo ndi zingati za I, ndipo alibe nthawi yokuimbirani foni kuti mumufotokozere. Udindo uliwonse ukhale ndi kachigawo kakekake, kuyambira umene muli nawo panopa kubwerera m'mbuyo: dzina la udindo monga momwe lilili pa kalata ya boma, giredi yake, unduna kapena dipatimenti, malo ogwirira ntchito, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, mwezi ndi chaka zonse zioneke. Nthawi yogwirizira ilembedwe payokha, ndipo inenedwe mosabisa kuti kunali kugwirizira. Kuiphatikiza mwakachetechete ndi zaka za giredi I n'kudzitchera msampha, chifukwa fayilo yanu ili ku ofesi yoona za ogwira ntchito ndipo masiku onse alimo.

Pansi pa udindo uliwonse lembani ntchito zimene mumagwira, koma musanazilembe werengani kaye ntchito zimene chilengezo chandandalika. Ngati chikunena za kukonza bajeti, kuyang'anira ogwira ntchito ndi kulemba malipoti a miyezi itatu iliyonse, ndipo inu mumachitadi zimenezi, zitchuleni ndi mawu omwewo a m'chilengezo, popeza CV ndi kalata zimalembedwa m'Chingerezi chofanana ndi cha chilengezocho. Onjezani kukula kwa ntchitoyo: mumayang'anira anthu angati, masukulu kapena zipatala zingati, m'boma liti. Mawu odziyamikira akuti ndine wakhama, wokhulupirika, wogwira bwino ntchito ndi anzanga, alibe pomwe angachongedwe. Amangodya malo.

Mbali ya maphunziro ndi imene imakhudza kwambiri achinyamata amene akulowa kumene. Chilengezo chikati dipuloma ya zowerengera ndalama, dipuloma ya zamalonda si yomweyo, ngakhale munaphunziramo maphunziro awiri kapena atatu a akaunti. Chikatchula maphunziro angapo n'kuwonjezera kuti kapena ena ofanana nawo, pamenepo khomo latseguka pang'ono, ndipo ndi nzeru kumangirira pepala la kukoleji losonyeza maphunziro onse amene munatenga ndi mmene munakhozera, kuti wowerenga aone yekha kufananako. Dzina la satifiketi lilembedwe ndendende monga lilili pa pepala, pamodzi ndi sukulu ndi chaka chimene inaperekedwa. Amene wamaliza mayeso koma sanalandire satifiketi asalembe ngati ali nayo kale. Anene mmene zilili, ndipo amangirire kalata ya kukoleji yotsimikiza kuti anamaliza.

Pali funso linanso limene ambiri amalikumbukira mochedwa: kodi koleji yanu, ndi pulogalamu yeniyeniyo imene munaphunzira, n'zovomerezeka ndi National Council for Higher Education? Zinthuzi ndi ziwiri. Koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa pomwe pulogalamu ina ya pakoleji pomwepo sinavomerezedwe. Amene anaphunzira kunja, kaya ku South Africa, ku India kapena ku Britain, apite ndi mapepala awo ku bungwe lomweli kuti liwaunike ndi kunena kuti akufanana ndi chiyani kuno. Zimenezi zimatenga nthawi, choncho musadikire chilengezo kuti muyambe. Anamwino ndi azamba afunikanso umboni woti analembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, madokotala ndi makiliniko ofesa ku Medical Council of Malawi, ndipo chiphasocho chikhale chosatha ntchito pa tsiku lofunsira.

MSCE nayo musaipeputse poti muli ndi dipuloma. Zilengezo zina zimafuna kirediti pa Chingerezi, pa masamu kapena pa sayansi. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi wamba. Munthu amene anapeza 7 pa masamu anakhoza phunzirolo, koma kirediti alibe. Lembani phunziro lililonse lofunikalo ndi nambala yake. Ngati munalemba mayeso kawiri kuti mukonze phunziro limodzi, onetsani zaka zonse ziwiri ndi mapepala onse awiri. Satifiketi ikatayika kapena ikapsa, njira ndi yopita ku MANEB kukapempha chikalata chotsimikiza zotsatira zanu, osati kwa anyamata amene amasindikiza zinthu kuseri kwa msika. Satifiketi yachinyengo ndi mlandu wa kupolisi, ndipo imachotsetsa ntchito ngakhale itadziwika patapita zaka.

Kenaka dzina. Pa MSCE pali dzina la kwa bambo, pa digiri pali la kwa mwamuna, pa chiphaso cha unzika chilembo chimodzi chasiyana, ndipo chaka chobadwa pa fomu sichikugwirizana ndi cha pa chiphaso. Kwa inu zonsezi ndi munthu mmodzi. Kwa wosankha ndi anthu atatu amene mwina abwerekana mapepala. Mangirirani satifiketi ya ukwati kapena chikalata cholumbira pamaso pa majisitireti kapena loya chofotokoza kusiyanako. Chaka chobadwa chikonzeni msanga, chifukwa n'chimene chidzawerengedwe podzakupumitsani pa zaka 60.

Pomwe pali fomu, fomuyo ndiye mwini nkhani ndipo CV imangoiperekeza. Bokosi lililonse lidzazidwe. Kulemba kuti onani pa CV n'chimodzimodzi kulisiya lopanda kanthu. Masiku a pa fomu, a pa CV ndi a pa makalata aumboni afanane mpaka mwezi. Nambala ya chilengezo ndi dzina la udindo zilembedwe pa kalata, ndiponso pa envulopu ngati atero, ndipo wofunsira maudindo awiri atumize makalata awiri osiyana, aliyense ndi mafotokope ake. Akati mafotokope akhale otsimikizidwa, ndiye kuti mupite ndi satifiketi yeniyeni pamodzi ndi fotokope kwa munthu wololedwa kulumbiritsa kuti adinde sitampa ndi kusaina. Satifiketi yeniyeniyo isalowe mu envulopu. Mudzaitenga pamanja tsiku la intavyu.

Amene ali kale m'boma awonjezere kalata yowalemba ntchito kapena yowakweza pa giredi imene alipo, chifukwa tsiku lowerengera zaka lija lili pamenepo. Chilengezo chikati kalata idzere kwa mkulu wa dipatimenti, ipititseni kwa bwanayo kukadali masabata awiri, ndipo muzikafunsa ngati yachoka pa tebulo lake. Tsiku lotsekera limayang'ana pamene kalata yafika ku komishoni, osati pamene inu munaisiya kwa sekilitale. Sungani fotokope ya zonse zimene mwatumiza, ndipo ngati mwakapereka pamanja, pemphani kusaina m'buku lolandirira makalata.