Kodi mumadziwa? Kandulo imodzi imaonetsa mitengo inayi

Pa chithunzi cha mitengo ya malonda, kandulo ndi kabokosi kokhala ndi zingwe ziwiri, ndipo njirayi inachokera kwa amalonda a mpunga ku Japan. Kabokosiko, kotchedwa thunthu, kamayambira pa mtengo wotsegulira msika kukafika pa mtengo wotsekera, ndipo kawirikawiri kamakhala kobiriwira mtengo ukatseka utakwera, kapena kofiira ukatseka utatsika. Nsonga za zingwe zimaloza mtengo wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri m'nthawi imeneyo.

Mwachitsanzo, ngati soya pa Mponela ku Dowa watsegulira pa K1,200 pa kilogalamu, n'kukwera kufika K1,500, n'kutsika mpaka K1,150, kenako n'kutsekera pa K1,250, thunthu limakhala lobiriwira koma lalifupi, la K50 yokha. Chingwe chapamwamba cha K250 chimasonyeza kuti ogula anakweza mtengo koma ogulitsa anawachulukira n'kuubweza, pamene chapansi cha K50 chimasonyeza kuti mtengo utangotsika pang'ono, ogula anabwereranso. Komabe kandulo siulula kuchuluka kwa matumba ogulitsidwa, ngakhalenso chimene chinayamba pakati pa kukwera ndi kutsika.