Zaka zingati, matiredi angati, tisanakhulupirire nambala ya Sharpe?

Lero tikambe za funso limodzi. Munthu akakuonetsani mbiri ya malonda ake a foreksi kapena masheya n'kunena kuti "onani, njira yangayi imagwira," pafunika zotsatira za nthawi yaitali bwanji kuti tinene kuti si mwayi chabe?

Tiyambe ndi muyezo wake. Mu 1966 William Sharpe anabweretsa njira yoyezera phindu molingana ndi chiopsezo. Mumatenga phindu la pachaka, n'kuchotsapo chiwongoladzanja chimene mukanapeza popanda chiopsezo, monga pobwereketsa boma ndalama kwa miyezi itatu. Chotsalacho mumachigawa ndi kukula kwa kusinthasintha kwa phindulo. Ngati chotsala ndi 10 peresenti, kusinthasintha n'kukhalanso 10 peresenti, Sharpe wanu ndi 1.

Vuto ndi lakuti nambala imeneyi ndi yongoyerekezera. Ili ndi mpata wolakwika, ndipo mpatawo umachepa pang'onopang'ono kwambiri. Mwachidule umawerengedwa motere:

```
kulakwika ≈ 1 ÷ √zaka
```

Tiyeni tiyese. Tinene kuti wina wakuonetsani Sharpe wa 1 pa zaka ziwiri. Kulakwika kwake ndi pafupifupi 0.7. Akatswiri a ziwerengero amachulukitsa kulakwikako kawiri mbali zonse kuti akhale ndi chitsimikizo cha pafupifupi 95 peresenti. Ndiye kuti Sharpe weniweni wa munthuyu ali penapake pakati pa -0.4 ndi 2.4. Mwamva? Akhoza kukhala katswiri woopsa, akhozanso kukhala munthu amene njira yake imadya ndalama koma zinangomuyendera. Zaka ziwirizo sizingatiuze kuti iye ndi uti.

Tsono kuti ziro atuluke mu mpata umenewu, gawani 2 ndi Sharpe, yankholo mulichulukitse ndi lokha. Sharpe wa 2 amafuna chaka chimodzi. Wa 1 amafuna zaka 4. Wa 0.5 amafuna zaka 16. Msika wa masheya wa ku America, pa mbiri yake yaitali, Sharpe wake amazungulira pa 0.4, kutanthauza zaka 25. Ndipo dziwani kuti zaka zimenezi zikungotsimikiza kuti phindu lilipo, osati kuti ndi lalikulu monga akunenera.

Wina anena kuti, "Nanga ndikamalemba zotsatira tsiku lililonse m'malo mwa pamwezi?" Ayi ndithu, sizifupikitsa ulendo. Manambala a tsiku ndi tsiku amathandiza kuyeza bwino kusinthasintha, koma phindu la zaka ziwiri ndi lomwelo, kaya mwaligawa m'magawo 24 kapena 500.

Kwa inu owerenga matiredi, masamu ake ndi omwewo. Tinene kuti pa avereji tiredi iliyonse imakupatsani R50 mutachotsa zolipira, koma zotsatira zimayendayenda ndi R500 uku ndi uku. Mukagawa 50 ndi 500 mupeza 0.1. Mukagawa 2 ndi 0.1 mupeza 20, ndipo 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi matiredi 400. Choncho amene akudzitama ndi matiredi 40 ali kutali. Komanso matirediwo akhale osadalirana. Mukatsegula EURUSD ndi GBPUSD nthawi imodzi, mbali imodzi, nthawi zambiri kumeneko n'kubetcha kumodzi pa dola, osati kuwiri.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachititsa kuti ngakhale manambala amenewa achepe. Choyamba ndi kusankha. Munthu akayesa njira 20 zopanda pake pa mitengo yakale, si zodabwitsa kuti imodzi ioneke ngati yapambana mayesowa mwangozi, ndipo imeneyo ndi yomwe adzakuonetseni. N'chifukwa chake Campbell Harvey ndi anzake mu 2016 analangiza kuti muyezo ukwere kuchoka pa 2 kufika pa 3. Pamenepo matiredi 400 aja asanduka 900, zaka 4 zija zasanduka 9.

Chachiwiri ndi njira zimene zimapindula pang'onopang'ono n'kudzagwa kamodzi n'kamodzi. Kampani ya Long-Term Capital Management inayamba mu 1994, inapindula pafupifupi 40 peresenti mu 1995 ndi mu 1996, koma mu 1998 inataya madola oposa 4 biliyoni m'miyezi yochepa. Mbiri yake isanagwe inalibe chaka choipa n'chimodzi chomwe, choncho muyezo sunaone ngoziyo.

Ndiye akakubweretserani mbiri yokongola, funsani zitatu: ndi ya zaka zingati pa ndalama zenizeni, anayesa njira zingati asanasankhe imeneyi, ndipo inadutsapo m'nyengo ya chipwirikiti ngati Malichi 2020? Kenako tengani kakyuleta muwerenge nokha.