Banki, ejenti kapena foni: ndalama zifika zingati kumudzi?

Munthu amene ali pa Joni akafuna kutumiza ndalama ku Mangochi, angapite ku banki, kwa ejenti ngati Mukuru kapena Western Union, kapenanso kuzitumiza kuti zigwere pa Airtel Money kapena Mpamba. Ambiri amangofunsa kuti adulidwa zingati, koma ndalama zimatayika malo atatu: pa chindapusa chotumizira, pa mtengo wosinthira randi, ndi potapa.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti mukutumiza R2,000, ndipo mtengo wapakati wa randi ndi K100. Popanda chodula, kumudzi kukanafika K200,000.

Banki imatumiza kudzera pa SWIFT, ndipo ili ndi chindapusa chimene sichitsika ngakhale ndalamazo zichepe. Ikadula R250 n'kusintha zotsalazo pa K98, wolandira apeza K171,500. Nthawi zina banki ina yapanjira imadulakonso zake, ndipo mumadziwa pokhapokha ndalama zikafika zoperewera patatha masiku angapo.

Ejenti amadula molingana ndi kuchuluka kwa ndalama. Akatenga R5 pa R100 iliyonse n'kusintha pa K96, kumudzi kufika K182,400, kawirikawiri tsiku lomwelo. Komabe ngati mayi akwera kabaza ndi minibasi kukazilandira pa boma, ndalama ya ulendoyo ichotsedwenso pamenepo.

Foni imaoneka yotchipa kuposa zonse. Chindapusa chikakhala R40 yokha koma randi n'kuisintha pa K94, pafoni pagwa K184,240. Pokatapa akadula K4,000, m'manja mutsala K180,240. Foni imapambana ngati wolandirayo satapa zonse, mwachitsanzo akagulira magetsi kapena kulipira bilu ya madzi pafoni pomwepo.

Pa R2,000 banki ndiyo yodula kwambiri, koma ndalama zikachuluka zinthu zimatembenuka. Pa R50,000 yomangira nyumba, chindapusa ndi mitengo zikakhala zomwezo, banki ifikitsa K4,875,500, pamene ejenti afikitsa K4,560,000. Foni apa imachepa mphamvu, chifukwa pali malire a ndalama zimene akaunti ingasunge, ndipo ejenti wapamsika sakhala ndi ndalama zochuluka chotere m'thumba.

Mayiko anagwirizana ku United Nations mu 2015 kuti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama utsike mpaka pansi pa 3 peresenti. Pachitsanzo cha R2,000, ngakhale njira yotchipitsitsa yadya pafupifupi 9 peresenti, ndipo pafupifupi theka lake labisala pa mtengo wosinthira, umene wotumiza sauona ngati chindapusa.

Choncho musanatumize, funsani malo onse atatu tsiku limodzi, pa ndalama zofanana, kuti wolandira agwira makwacha angati akamaliza kutapa. Pa ndalama zodyera mwezi ndi mwezi, mpikisano uli pakati pa ejenti ndi foni. Banki isungireni ndalama zikuluzikulu zimene zilibe changu.