Siketi Imodzi, Maonekedwe Atatu

Mu 1824, katswiri wa sayansi Michel-Eugène Chevreul anapatsidwa udindo woyang'anira zonyika ulusi pa fakitale yoluka nsalu ya Gobelins ku Paris. Kumeneko kunali dandaulo lakuti ulusi wakuda ukuoneka wosuluka. Atafufuza, anapeza kuti utoto unalibe vuto. Chimene chinkasintha maonekedwe a ulusiwo chinali mtundu wa ulusi woyandikana nawo. M'buku lake la mu 1839 anafotokoza kuti diso siliona mtundu paokha, limauyerekeza ndi mnzake wapambali.

Akatswiri amandandalika mitundu mozungulira ngati manambala a pawotchi: wofiira, waolenji, wachikasu, wobiriwira, wabuluu, wapepo, n'kubwereranso pa wofiira. Mmene chovala chimaonekera zimadalira kutalikirana kwa mitundu yake pa mndandandawu. Titenge siketi ya buluu wodera, tiivale katatu.

Koyamba tiivale ndi bulauzi ya buluu wowala. Mtundu ndi umodzi, choncho diso limatsika kuchokera paphewa mpaka kumapazi osapunthwa. Munthu amaoneka wodekha ndi wotalikirapo, ndipo woyang'ana amayamba kuona nsalu ndi kasokedwe, moti telala akalakwitsa sizibisika. Chosokoneza ndi kuphatikiza mabuluu awiri ongosiyana pang'ono, chifukwa chovala chimodzi chimaoneka ngati chinasuluka pochapa. Ngati akusiyana, asiyane moonekeratu, wina wodera wina wowala.

Kachiwiri tiivale ndi bulauzi yobiriwira mopita ku buluu. Mitunduyi ndi yoyandikana, ndipo yonse ili ndi buluu mkati mwake. Diso limaona kusintha koma silidzidzimuka, n'chifukwa chake chovala chotere chimaoneka chofatsa koma chamoyo. Chikaoneka chozizira, kawirikawiri vuto limakhala loti mitundu yonse ndi yodera mofanana, ndiye imangosakanikirana. Walitsani umodzi.

Kachitatu tiivale ndi chaolenji, mtundu wopenyana ndi buluu kutsidya kwa mndandanda uja. Apa diso limakokomeza kusiyanako: buluu amanka nabiriwira ubuluu wake, olenji amayaka. Mungadziyese nokha. Yang'anitsitsani nsalu yaolenji kwa masekondi 30, kenako yang'anani khoma loyera, mudzaona chithunzithunzi chabuluu. Diso likatopa ndi mtundu wina limapendekera ku wotsutsana nawo, choncho iwiriyo ikagundana, uliwonse umawonjezera mphamvu ya unzake. N'chifukwa chake chitenje cha buluu ndi olenji chimaonekera patali.

Koma mukaigawa pakati ndi pakati, yonse yowala kwambiri, imalimbana ndipo nkhope ya wovalayo imaiwalika. Buluu atenge malo aakulu, olenji akhale pa duku kapena pa lamba. Muuike pamene mukufuna kuti anthu ayambire kuyang'ana, chifukwa diso limathamangira pamene mitundu yasiyana kwambiri.