Bolodi ladzaza ndi mfundo: tiziphatikize bwanji osataya zimene aphunzitsi anena?

Pamisonkhano ya Zipi, gawo lotolera maganizo silivuta. Funso likaperekedwa, aliyense amatchula zake, ndipo posakhalitsa bolodi ladzaza. Vuto limabwera dzuwa likapendeka, anthu akuganiza za ulendo wobwerera, mlembi n'kutsala yekha ndi mfundo zimene zina zikubwerezana. Kawirikawiri amafufuta zooneka zofanana n'kusiya mitu itatu: "Mabuku", "Ana", "Makolo". Lipoti lotere likafika ku Furancungo, wowerenga sangadziwe chimene akupemphedwa kuchita.

Njira imene timagwiritsa ntchito m'kafukufuku wathu inachokera kwa Jiro Kawakita, katswiri wa ku Japan wofufuza za chikhalidwe cha anthu, amene anaikonza m'zaka za m'ma 1960 polimbana ndi zolemba zambiri zimene anabwera nazo kuchokera ku Nepal. Maziko ake ndi awiri: mfundo iliyonse ikhale pakapepala kakekake, ndipo mitu ilembedwe pomaliza, magulu atapangika kale.

Tiyerekeze kuti aphunzitsi a Zipi ina ku Chidzolomondo afunsidwa kuti: n'chifukwa chiyani ana a kalasi 4 amangoti zii phunziro likayamba kuperekedwa m'Chipwitikizi? Timapepala tatuluka 11:

1. Mabuku ndi ochepa
2. Kusowa kwa mabuku (kalembedwa m'Chipwitikizi)
3. Ana atatu, buku limodzi
4. Mabuku amafika mochedwa
5. Ana amachita manyazi
6. Amaopa kusekedwa ndi anzawo
7. Sadziwa mawu a masamu m'Chipwitikizi
8. Phunziro la Chipwitikizi choyankhula limadumphidwa m'makalasi 1 mpaka 3
9. Kujomba nthawi ya fodya
10. Kujomba tsiku la msika
11. Mabuku athu amalemba "c", Baibulo ndi mabuku a nyimbo ochokera ku Malawi amalemba "ch"

Musanasunthe kalikonse, lembani nambala pakapepala kalikonse ndipo muwerenge tonse mokweza. Kwa ife amene timagwira ntchito m'zinenero ziwiri, kuwerengaku n'kofunika kwambiri, chifukwa mfundo imodzi ikalembedwa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi imaoneka ngati ziwiri. Kapepala 1 ndi 2 ndi choncho. Timaphatikiza pomwepo, koma osataya kachiwiriko: timakamata kumbuyo kwa koyamba n'kulembapo kuti anthu awiri. Mukang'amba, mwataya umboni woti nkhaniyi sinachokere kwa munthu mmodzi.

Kapepala 3 kakunena zomwezo, kungoti kakuonetsa mmene kuchepako kumaonekera m'kalasi. Mfundo ikakhala mkati mwa inzake chonchi, ambiri amasunga mawu aakuluwo n'kutaya chitsanzo. Ine ndimachita mosiyana. "Ana atatu, buku limodzi" ndi chinthu choti munthu angalowe m'kalasi n'kuchiona, pamene "ochepa" aliyense amamva mwakemwake.

Pa kapepala 4 ndi pamene pamafunika kudekha. Mawu oti "mabuku" alimo, ndiye dzanja limathamangira kukaphatikiza ndi atatu aja. Pamenepa dzifunseni funso limodzi: titakonza vuto loyambalo, kodi lachiwirili litha lokha? Mabuku atakwanira mwana aliyense, akhoza kufikabe mu Meyi pamene sukulu inatsegulira kale. Atafika tsiku loyamba, akhoza kukhalabe osakwanira. Choncho ziwirizi zikhale m'gulu limodzi, koma ngati mizere iwiri. Kuphatikiza ndi kuika pagulu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo zolakwika zambiri zimene ndaona zimachokera posokoneza zimenezi.

Funso lomwelo lifunseni pa 5 ndi 6. Mwina amene analemba "manyazi" amatanthauza kuopa kusekedwa komweko. Koma mwinanso amanena za mwana amene amazolika pamaso pa munthu wamkulu chifukwa ndi mmene analeredwera, ndipo mwana wotere amakhala chete ngakhale m'phunziro la Chinyanja. Kapepala sikangakuuzeni. Mwini wake ali pomwepo, mufunseni: "Aphunzitsi, mumati manyazi kwa ndani, kwa inu kapena kwa anzake?" Akati kwa anzake, phatikizani. Akati kwa mphunzitsi, zisiyeni ziwiri. N'chifukwa chake ntchitoyi siyenera kusiyiridwa mlembi kuti akaichitire kunyumba usiku.

Timapepala 7 ndi 8 sitikufanana m'mawu ngakhale pang'ono, komabe ndi ta gulu limodzi, chifukwa kena kakutchula choyambitsa, kena chotsatira. Dongosolo la maphunziro a zinenero ziwiri limene Mozambique inayamba mu 2003, pambuyo pa kuyesera kwa PEBIMO ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, linakonzedwa kuti mwana aziphunzira m'chinenero chake uku akuzolowera kumva ndi kuyankhula Chipwitikizi kuyambira kalasi 1. Gawo limeneli likamadumphidwa, mwana amafika pa kalasi 4 alibe mawu. Ziikeni pamodzi ndipo mujambule muvi kuchokera pa 8 kupita pa 7. Mukaziphatikiza kukhala "vuto la Chipwitikizi", choyambitsacho chimabisika, ana n'kusenza mlandu wosakhala wawo. Za 9 ndi 10 sizivuta: konseko ndi kujomba, nthawi zake zokha n'zosiyana.

Tsopano mitu. Mutu wa liwu limodzi uli ngati chizindikiro chapathumba: umanena za m'kati, sunena chimene chavuta. Lembani chiganizo chathunthu, chachifupi, chokhala ndi mneni. M'malo mwa "Mabuku", lembani "Mabuku sakwanira ndipo amafika sukulu itayamba kale". M'malo mwa "Ana", lembani "Ana amaopa kulakwitsa anzawo akumva", ngati mwini kapepala 5 anavomera tanthauzo limenelo. Gulu la 7 ndi 8 likhale "Ana amafika kalasi 4 asanazolowere kuyankhula Chipwitikizi", ndipo la 9 ndi 10 likhale "Ana amajomba pa nthawi zodziwikiratu". Mutu womalizawu ukusonyeza kale chochita: ngati nthawi zake n'zodziwika, phunziro latsopano lisayambidwe tsiku la msika.

Mutu uyeseni m'njira ziwiri. Werengani mutuwo, kenaka kapepala kalikonse ka pansi pake, muone ngati mutu ukunena zoona za konse. Ndiyeno itanani mnzanu amene anatuluka panja, mumupatse timapepala tosakaniza ndi mituyo, aziike yekha. Akaika kapepala kwina, kapena akakayika pakati pa mitu iwiri, ndiye kuti mituyo ikulowana ndipo ilembedwenso. Samalaninso kuti mutu usawonjezere zimene palibe ananena. "Aphunzitsi a makalasi oyamba ndi aulesi" si zimene kapepala 8 kakunena. Mwina phunzirolo limadumphidwa chifukwa chosowa buku la mphunzitsi.

Katsala ndi kapepala 11. Kali ndi mawu oti "mabuku", koma sikakunena za kuchepa kapena kuchedwa. Kakunena za kalembedwe: kuno kumalire mwana amaona "Cinyanja" kusukulu ndi "Chinyanja" kutchalitchi. Kawakita sankakakamiza timapepala totere kulowa m'gulu, ankatisiya patokha. Nafenso tisatsegule gulu la "Zina ndi zina", chifukwa zolowa m'menemo palibe amaziwerenganso. Mwina kapepalaka sikakuyankha n'komwe funso la lero, popeza kakukhudza kuwerenga Chinyanja osati kuyankhula Chipwitikizi. Ngati ndi choncho, kalembedwe pansi pa lipoti ngati funso la msonkhano wotsatira.

Polemba lipoti, pafupi ndi mutu uliwonse ikani manambala a timapepala take: 1 mpaka 4, 5 ndi 6, 7 ndi 8, 9 ndi 10, ndipo 11 payekha. Muwerengenso. Zikapanda kukwana 11, pali kapepala kamene kagwera pansi pa benchi.