Kanjira ka masentimita 4 komwe chophuka chimatulukira

Munthu akaika chala pansonga ya fupa la m'chiuno, kutsogolo komwe lamba amakhala, ndi chala china pakafupa kotumphuka ka pachinena, pakati pa zala ziwirizo pamadutsa chingwe cholimba cha mnofu. Chingwechi chimatsata mzere womwe mimba imakumana ndi ntchafu. Pamwamba pake pang'ono, cha kumbali ya chinena, pali kanjira kobisika m'kati mwa khoma la mimba. Madokotala amakatchula kuti ngalande ya ingwino. Mwa munthu wamkulu kamatalika pafupifupi masentimita 4 okha, ndipo aliyense ali nato tiwiri, kumanja ndi kumanzere.

Zophuka zambiri za pamimba, pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse, zimatulukira pamenepa. Kuchipatala amati heniya, ndipo tanthauzo lake n'lakuti thumbo kapena mafuta a m'mimba apeza mpata pakhoma n'kutulukira kunsi kwa khungu. Pa dziko lonse, maopaleshoni okonza vutoli amaposa 20 miliyoni chaka chilichonse. Kafukufuku wa ku Ulaya anaonetsa kuti mwa amuna 100 alionse, pafupifupi 27 amadzachitidwa opaleshoniyi pa moyo wawo, pomwe mwa akazi ndi atatu okha. Kusiyana kwakukulu chonchi kumayambira m'mimba mwa mayi, mwana asanabadwe.

Machende a mwana wamwamuna sapangidwira m'thumba lawo ayi. Amayamba kuumbika kumtunda, kumsana pafupi ndi impso. Koma umuna supangika bwino m'kati mwa thupi chifukwa mumatentha, choncho machendewo amayenera kutsikira kunja komwe kuli kozizirako pang'ono. Amatsika pang'onopang'ono, ndipo cha m'mwezi wachisanu ndi chiwiri wa pathupi amabowoleza khoma la mimba, atakoka mitsempha yawo yamagazi ndi kapaipi ka umuna. Patsogolo pawo pamatsogola kathumba ka nembanemba yopyapyala yomwe imayala m'kati monse mwa mimba. Njira yomwe amasiya m'mbuyo ndiyo ngalande ija. Kathumba kaja kamayenera kutsekeka mwana akamabadwa kapena miyezi ingapo pambuyo pake, koma mwa ana ena kamakhalabe kotseguka, ndipo ena amakula nako mpaka imvi osadziwa.

Mwa mwamuna wamkulu, ngalandeyi imanyamula mtolo wonenepa ngati chala chaching'ono. Muli kapaipi kotenga umuna kuchoka kuchende, mtsempha wobweretsa magazi, timitsempha tambiri tolukana tobweza magazi, ndi kamnofu komwe kamakweza chende kukazizira. Pambali pa mtolowo pamayenda mnyewa womwe umachititsa khungu la m'mphechepeche ndi la kumtunda kwa thumba la machende kumva kukhudza. Mwa mkazi mumangodutsa kachingwe kowonda kochokera kuchiberekero kupita kukhungu la kumaliseche, pamodzi ndi mnyewa womwewo. Ngalande ya mkazi n'njopapatiza ndipo khoma lake silinabowoledwe kwambiri, n'chifukwa chake chiwerengero chija n'chochepa chotero.

Thupi silinasiye kanjiraka popanda chitetezo. Khoma la mimba lili ndi minofu itatu yosanjikana, ndipo kunsi kwake kuli nembanemba yolimbirako. Ngalande siyibowola zonsezi molunjika. Imalowera pakhomo lam'kati, lomwe ndi bowo panembanemba ija, pafupifupi sentimita imodzi ndi theka pamwamba pa pakatikati pa chingwe chija. Kenaka imayenda chopendekera kulowera kumunsi ndi kukatikati, n'kukatulukira pakhomo lakunja, mpata wa ngodya zitatu pamwamba pa kafupa ka pachinena. Makomo awiriwa sayang'anana. Motero munthu akatsokomola, mphamvu ya m'mimba imakankha khoma lakumbuyo n'kulipanikiza pa lakutsogolo, ngalande n'kuphwatalala.

Makomawo anamangidwa mosinthana mphamvu, ndipo apa ndi pomwe pali luso lenileni. Khoma lakutsogolo ndi nsalu yolimba ya mnofu wakunja, ndipo cha kumbali ya khomo lam'kati limachindikalitsidwa ndi mnofu wapakati. Khoma lakumbuyo ndi nembanemba ija, ndipo cha kumbali ya khomo lakunja limalimbitsidwa ndi chingwe chomwe minofu iwiri yam'kati imapanga ikalumikizana. Zotsatira zake n'zakuti kutsogolo kwa khomo lam'kati kuli khoma lochindikala, kumbuyo kwa khomo lakunja kulinso khoma lochindikala. Pansi pa ngalande pali chingwe cholimba chomwe zala ziwiri zija zinapeza, chopindikira m'kati. Denga lake ndi minofu iwiri yam'kati ija, yomwe imadutsa mopindika pamwamba pa mtolo. Munthu akanyamula thumba la chimanga, minofuyi imakungika, denga limatsika kuyandikira pansi, mpata n'kuchepa.

Chitetezo chonsechi chimalephera pamalo awiri.

Malo oyamba ndi khomo lam'kati. Ngati kathumba ka ubwana kaja sikanatsekeke, thumbo limapeza njira yokonzedwa kale. Limalowa pakhomolo, n'kutsata ngalande yonse pambali pa mtolo, ndipo likhoza kufika mpaka m'thumba la machende. Mtundu umenewu ndiwo wofala kwambiri. Ndiwo umene umaoneka mwa makanda, maka obadwa masiku asanakwane, komanso mwa anyamata ndi abambo achinyamata. Umakonda kumanja, popeza chende la kumanja limachedwa kutsika ndipo kathumba kake kamachedwanso kutsekeka. Ana aakazi nawo akhoza kukhala nawo, ndipo mwa iwo chomwe chimatuluka nthawi zina ndi kathumba ka mazira.

Malo achiwiri ali pakhoma lakumbuyo. Pali kachigawo ka ngodya zitatu komwe Franz Hesselbach, katswiri wa ku Germany, anakalongosola kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Malire ake ndi m'mphepete mwa mnofu woongoka wa pakati pa mimba, mtsempha wamagazi womwe umakwera chakumchombo, ndi chingwe cha pansi chija. M'kachigawoka mulibe mnofu wokwanira, nembanemba ndiyo imagwira ntchito pafupifupi yokha. Munthu akamakula, nembanembayo imafooka, ndipo fodya amafulumizitsa kufookako. Zikatero thumbo limangokankha molunjika kutsogolo, monga chubu cha njinga chimatumphukira pomwe tayala laperepeseka. Chophuka chotere ndi cha abambo achikulire, kawirikawiri chimabwera mbali zonse ziwiri ndipo sichikonda kutsikira kumachende. Mtsempha wamagazi uja ndiwo malire omwe dokotala amayang'ana akatsegula: chotulukira kunja kwake ndi cha mtundu woyamba, chotulukira kukati kwake ndi cha mtundu wachiwiri.

Anthu ambiri amaloza katundu wolemera yemwe ananyamula tsiku lomwe chotupa chinaoneka. Salakwitsa kwenikweni, koma katunduyo amangoulula mpata womwe unalipo kale. Zomwe zimakankha tsiku ndi tsiku ndizo zofunika kuzifufuza: chifuwa chosatha, kudzimbidwa kochititsa munthu kudzikakamiza kuchimbudzi, kuvutika pokodza chifukwa cha kukula kwa prositeti, kapena madzi odzadza m'mimba. Kuyenda ndi miyendo iwiri nako kumaonjezera, chifukwa kulemera kwa matumbo kumatsamira kumunsi komwe kuli ngalandezi.

Tiyerekeze bambo wa zaka 40, woyendetsa kabaza, yemwe wafika pachipatala cha boma ndi chotupa kumanja kwa chinena. Akuti chimatuluka masana akamapalasa, chimakoka ndi kulemera, koma usiku akagona chagada chimabwerera chokha, nthawi zina ndi kaphokoso ka m'mimba. Kiliniko ofesala amamuimiritsa kaye, chifukwa chophuka chimabisala munthu akagona. Amaika dzanja pachotupacho n'kumuuza kuti atsokomole. Chikafufuma n'kugunda dzanja, ndiye kuti chikulumikizana ndi m'mimba. Kenaka amafufuza kafupa ka pachinena. Ngati chotupa chikutulukira pamwamba pake, ndi cha mu ngalande. Ngati chili kunsi kwake cha kuntchafu, ndi chophuka cha mtundu wina chomwe chimakonda amayi ndipo chimafulumira kupanika thumbo. Pomaliza amamugoneka, n'kubwezeretsa chotupacho mofatsa, n'kupanikiza chala pomwe pali khomo lam'kati. Bamboyo akatsokomola chotupa osatuluka, mwachionekere chimadzera pakhomolo, ngakhale kuyesaku sikulondola nthawi zonse.

Chotupa chikafika m'thumba la machende, anthu amangoti phudzi, koma pali matenda awiri osiyana. Ngati ndi madzi ozungulira chende, monga zimachitikira ndi matenda a njoka zofalitsidwa ndi udzudzu omwe ankavuta ku Chikwawa, Nsanje ndi Karonga, zala zimatha kugwira mtolo pamwamba pa chotupacho, sichibwerera munthu akagona, ndipo tochi ikaunikidwa mumdima kuwala kumadutsa. Ngati ndi thumbo, chotupacho chimapitirira mpaka kumimba ndipo zala sizingafike pamwamba pake. Mwanabere naye amasokoneza, koma iye safufuma munthu akatsokomola.

Palibe mankhwala akumwa, mphini kapena lamba womwe ungatseke bowoli. Mwa mwana, dokotala amangomanga kathumba kaja pakhomo lam'kati n'kukadula, chifukwa makoma ake ndi abwinobwino. Mwa wamkulu khoma lakumbuyo limafunika kulimbitsidwa. Edoardo Bassini wa ku Padua ku Italy ndiye anaonetsa m'zaka za m'ma 1880 kuti kusokerera minofu ya denga kuchingwe cha pansi kumachepetsa kwambiri kubwereranso kwa chophuka. Patatha zaka pafupifupi 100, Irving Lichtenstein wa ku Los Angeles anafalitsa njira yoyala kaukonde ka pulasitiki pakhomalo popanda kukoka minofu. Kaukonde ka kufakitale n'kodula, ndipo n'chifukwa chake kafukufuku wa ku Uganda wa mu 2016 ndi wolimbikitsa: mwa amuna pafupifupi 300, kaukonde kotchipa kopangidwa kuchokera ku nsalu ya neti ya udzudzu yopanda mankhwala, yophikidwa bwino kuchipatala, kanagwira ntchito mofanana ndi kodulako patatha chaka. M'Malawi muno opaleshoniyi imachitika m'zipatala za m'maboma, nthawi zambiri ndi makiliniko ofesala, ndipo munthu sagonekedwa tulo nthawi zonse. Jakisoni wa pamsana kapena wa pamalo pomwepo amakwanira. Mnyewa uja ndiwo amausamala kwambiri, chifukwa ukadulidwa kapena kusokereredwa umasiya dzanzi kapena ululu wa nthawi yaitali.

Bambo wa kabaza uja akhoza kupatsidwa tsiku la opaleshoni n'kubwerera kwawo, malinga ngati chotupacho chikubwerera ndipo sichikupweteka kwambiri. Zinthu zimasintha tsiku lomwe chakana kulowa. Khomo lopapatiza likamanga thumbo, magazi amaleka kuyenda, ndipo m'maola pafupifupi 6 thumbolo likhoza kuyamba kufa. Chotupa chimalimba, chimapweteka chikakhudzidwa, khungu likhoza kufiira, munthu amasanza, mimba imatupa, chimbudzi ndi mpweya zimaleka kutuluka. Mwa khanda zimaoneka ndi kulira kosatonthola, kukana bere ndi kusanza. Zikafika apa, chotupacho asachikakamize kulowa, wodwala asadye kapena kumwa kanthu, ndipo apite naye kuchipatala chomwe chimachita opaleshoni nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.