Mzere Wodukaduka Ukulosera, Si Zomwe Zachitika

Tinene kuti mwini chigayo wakhala akulemba matumba a chimanga omwe amagaya mwezi uliwonse, ndipo akufuna kujambula tchati cholosera miyezi ikubwerayi. Zomwe zidachitika kale, kuyambira Januwale mpaka Juni, azijambule ndi mzere wolumikizana. Zoloseredwa, kuyambira Julayi, zikhale za mzere wodukaduka, ndipo pamalire pa ziwirizi aimikepo mzere wolembedwa kuti "kulosera kwayambira apa". Akapanda kutero, woona tchaticho adzaganiza kuti matumba a Seputembala adagayidwa kale.

Nambala imodzi yokha siikwanira. Ngati akulosera matumba 500 mu Julayi, athire mtundu wosawala kwambiri pamwamba ndi pansi pa mzerewo, mwachitsanzo kuyambira 440 kufika 560, nalembe kuti mpatawu ndi wa 80 peresenti. Tanthauzo lake nlakuti akalosera chotere kakhumi, pafupifupi kasanu ndi katatu nambala yeniyeni idzagwera m'katimo. Mpata wa 95 peresenti umakhala wotambalala koposa.

Mpatawu uyenera kukula pamene miyezi ikutalikira, poti za Disembala nzovuta kudziwa kuposa za Julayi. Ukakhala wofanana paliponse, kayikirani. Ndiponso masamu ake amatsamira pa zakale, kotero magetsi akazima mwezi wathunthu, matumba angachepe kuposa malire apansi.

Mwezi ukatha, alembe nambala yeniyeni osafufuta zomwe adalosera. Manambala enieni akamagwera kunja kawirikawiri, ndiye kuti mpatawo ndi wochepa, aukulitse.